Matumba 600 papepala, 580 pansi: kalaliki alembe chiyani?

Lole ya matani 30 ikadzaza ndi simenti imanyamula matumba 600, poti thumba lililonse limalemera makilogalamu 50. Tiyerekeze kuti lole yotero yafika panyumba ina yosungiramo katundu ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, dzuwa litapendeka. Dalaivala akufuna kubwerera kusanade, anyamata aganyu atsitsa matumba onse mothamanga, ndipo pepala lomwe dalaivalayo wabwera nalo likunena matumba 600. Kalaliki ndi watsopano, sanathe ndi mwezi womwe pantchito. Akutsegula kompyuta ndi kupeza kuti nayonso yamulembera kale 600. Akudina batani, dalaivala akunyamuka. Koma matumba amene ali pansi ndi 580.

Aliyense amene anagwirapo ntchito yolandira katundu amachidziwa cholakwa chimenechi. Si cha akuba okha ayi. Nthawi zambiri amachichita ndi munthu wokhulupirika amene sanauzidwe kuti nambala yomwe kompyuta yamuonetsa siinachokere pansi pomwe pali katunduyo. Tiyeni titsatire matumba 20 osowawa kuchokera pageti mpaka kuofesi ya akauntanti, kuti tione momwe katundu amalembedwera akafika, komanso chomwe kalaliki ayenera kuchita akazindikira kuti nambala yomwe analemba ndi yolakwika.

Pa katundu aliyense amene kampani yagula pamakhala zikalata zinayi, ndipo chilichonse chili ndi mwini wake. Choyamba ndi oda, yomwe ofesi yogula zinthu imatumiza kwa wogulitsa, kunena katundu yemwe akufunika, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Chachiwiri ndi dilivale noti, pepala lija amabwera nalo dalaivala, lomwe ndi mawu a wogulitsa onena zomwe akuti wapakira. Chachitatu ndi invoisi, yomwenso imachokera kwa wogulitsa, yoitanitsa ndalama. Taonani kuti pa zitatuzi palibe chomwe chalembedwa ndi munthu amene waona katunduyo atafika. Oda imanena zomwe tinapempha, zinazo zimanena zomwe wogulitsa akunena. Chikalata chachinayi, cholandirira katundu, chomwe m'maofesi ambiri amangochitchula kuti GRN, ndicho chokhacho chimene chimachitira umboni zomwe zalowadi pakhomo. Ndipo wochilemba ndi kalaliki.

Akauntanti asanalipire amafananitsa zitatu: oda, chikalata cholandirira katundu ndi invoisi. Zikagwirizana pa kuchuluka ndi pa mtengo, ndalama zimatuluka. Choncho kalaliki akangokopera nambala ya pa dilivale noti osawerenga, ndiye kuti wogulitsa wadzichitira yekha umboni kawiri, ndipo kufananitsa konse kuja kwasanduka mwambo chabe.

N'chifukwa chake phunziro loyamba la kalaliki watsopano liyenera kuchitikira panja, pomwe lole yaima, osati pampando. Matumba a simenti sawerengedwa ali pamapewa a anthu othamanga. Amaunjikidwa milu yofanana, tinene matumba 10 mulu uliwonse, m'mizere yoti munthu angathe kudutsa pakati ndi kuona kuti palibe mulu woperewera womwe wabisala kumbuyo kwa unzake. Milu 60 ndiye matumba 600. Kalaliki wathu akanawerenga akanapeza milu 58. Ena amagwiritsa ntchito timitengo kapena timakadi, kuti aliyense wotsitsa thumba apereke kamodzi pakhomo. Njira imeneyi ndi yabwino, koma ine ndimalimbikitsa kuti milu iwerengedwebe pamapeto, chifukwa kamtengo kamatha kuperekedwa kawiri pomwe mulu sunama. Makampani ena safuna n'komwe kuti wowerenga aone dilivale noti asanamalize kuwerenga. Maganizo amenewa ndi anzeru, pakuti munthu amene wauzidwa kale kuti matumba ndi 600 maso ake amafunafuna 600 yomweyo.

Kuwerenga kukatha, dalaivala asananyamuke, kusiyana kulikonse kumalembedwa pa dilivale noti yomweyo, pa makope onse: talandira matumba 580, aperewera 20. Kalaliki amasayina, dalaivala amasayinanso, ndipo tsiku ndi nthawi zimalembedwa. Dalaivala akakana, kalaliki aitane bwana wake pomwepo. Siginecha ya dalaivala pa nambala yoperewerayo ndi umboni womwe sungapezekenso mawa. Lole ikangotuluka pageti dilivale noti itasayinidwa kuti zonse zafika, wogulitsa ali ndi ufulu wonena kuti matumbawo anasowera kwa inu.

Pa kompyuta

Mapulogalamu olembera katundu alipo ambiri, koma pano titenga SAP, pulogalamu ya kampani ya ku Germany yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, poti ndi yomwe makampani akuluakulu ambiri padziko amagwiritsa ntchito ndipo njira zake zimafanana ndi za mapulogalamu ena. Mu SAP tsamba lolandirira katundu limatsegulidwa polemba `MIGO`. Pamwamba pake pali timabokosi tiwiri momwe kalaliki amasankha chomwe akufuna kuchita ndi chikalata chomwe akutsamira, kenako nambala ya oda, kenako nambala yosonyeza mtundu wa kayendedwe ka katundu. Polandira katundu wa pa oda zimaoneka chonchi:

```
A01 Goods Receipt
R01 Purchase Order   4500001234
Movement Type        101
```

Nambala ya odayi ndi yongoyerekeza, koma 101 ndi yeniyeni, ndipo kalaliki aliyense wa SAP amaidziwa pamtima. Imatanthauza kuti katundu walowa m'nyumba yosungiramo katundu kuchokera kwa wogulitsa.

Akalowetsa nambala ya oda, kompyuta imabweretsa mizere yonse ya katundu amene sanafikebe pa oda imeneyo, ndipo apa ndi pomwe pali msampha. M'bokosi la `Qty in Unit of Entry` kompyuta imalembamo yokha kuchuluka konse komwe kwatsala pa oda. Ngati oda inali ya matumba 600 ndipo palibe lomwe linafikapo kale, mumalembedwa 600. Kompyuta siinaone lole. Yangotenga zomwe ofesi yogula inapempha, poyembekeza kuti kalaliki afufuta ndi kulemba zomwe wawerenga. Pa tsamba lomwelo pali bokosi lina, `Qty in Delivery Note`, lolembamo zomwe pepala la wogulitsa likunena. Kalaliki wophunzitsidwa bwino amalemba 580 m'bokosi loyamba ndi 600 m'lachiwiri. Nambala yoyamba ndi yomwe imalowa m'mabuku. Yachiwiri imangosungidwa kuti aliyense wodzayang'ana adzaone kuti kusiyanako kunadziwika tsiku lomwelo.

Pali masiku awiri oti alembedwe, ndipo atsopano amawasokoneza. `Document Date` ndi tsiku lomwe lili pa pepala la wogulitsa. `Posting Date` ndi tsiku lomwe katunduyo akulowa m'mabuku a kampani, ndipo ndi lomwe limasankha mwezi womwe katunduyo awerengeredwe. Nambala ya dilivale noti imalowa m'bokosi la `Delivery Note`. Musaidumphe, chifukwa ndi yomwe akauntanti adzagwiritse ntchito polumikiza invoisi ndi lole yeniyeni yomwe inabwera, makamaka oda imodzi ikabwera pa maulendo angapo. Pa tsamba la `Where` kalaliki amatsimikiza kuti katundu akulowa m'nyumba yoyenera. Kenako amachonga `Item OK` pa mzere uliwonse womwe wafikadi, nasiya osachonga mizere ya katundu amene sanabwere. Amadina `Check` kuti kompyuta imuuze ngati pali vuto, ndipo pomaliza `Post`. Kompyuta imatulutsa nambala ya chikalata, yomwe nthawi zambiri imayamba ndi 50, ndipo nambalayo ilembedwe ndi cholembera pa dilivale noti isanaikidwe m'fayilo.

Dziwani kuti `Check` siingagwire cholakwa cha kalaliki wathu. Imaona ngati mabokosi ofunika adzazidwa, ngati mwezi ndi wotsegula, komanso ngati nambala yapitirira oda kuposa malire omwe kampani inalola. Munthu akalemba 6,000 m'malo mwa 600, kawirikawiri kompyuta imakana. Koma 600 pa oda ya 600 imadutsa bwinobwino, ngakhale pansi patakhala matumba 580, ngakhale patakhala popanda thumba ndi limodzi lomwe.

Kudina `Post` kumachita zambiri kuposa zomwe kalaliki amaona. Tiyerekeze kuti pa odayo thumba lililonse linali K30,000, mtengo wongosankha kuti masamu aphweke. Nthawi yomweyo kompyuta imawonjezera matumba 600 pa katundu amene kampani ili naye, imalemba m'mabuku a chuma kuti katundu wa K18,000,000 walowa, ndipo mbali inayo imalemba ndalama zomwezo mu akaunti yodikirira invoisi, yomwe pa SAP imatchedwa `GR/IR`. Akaunti imeneyi tanthauzo lake n'lakuti talandira katundu, ngongole yake ikubwera. Invoisi ya matumba 600 ikafika, akauntanti amailowetsa pa tsamba la `MIRO`, kompyuta imaona kuti oda, kulandira ndi invoisi zonse zikunena 600, ndipo imalola kuti ndalama zilipiridwe. Kampani yalipira K600,000 pa matumba 20 omwe sanafike. Kalaliki akanalemba 580, invoisi ya 600 ikanaoneka kuti yapitirira zomwe zinalandiridwa, ndipo m'makampani ambiri kompyuta ikanaimitsa malipirowo mpaka wina afotokoze.

Vuto silithera pa ndalama zokha. Ogulitsa kusitolo akuona pa kompyuta kuti matumba alipo, amalandira ndalama za kasitomala, kasitomala amabwera ndi galimoto yake, koma matumba 20 omalizawo sapezeka. Ndipo pa tsiku lowerenga katundu yense, woyamba kukayikiridwa amakhala mlonda ndi anyamata onyamula katundu, anthu omwe sanakhudze kompyuta n'komwe. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa munthu akhoza kutaya ntchito ndi mbiri yake pa katundu amene sanalowepo pageti.

Nambala ikalakwika

Mawa lake m'mawa woyang'anira nyumbayo wadutsa, wawerenga milu 58, ndipo wafunsa. Kalaliki tsopano akufuna kutsegula chikalata chija kuti afufute 600 alembe 580. Sizitheka, ndipo si kuti kompyuta yawonongeka. Chikalata chikangolembedwa, kuchuluka kwa katundu, mtundu wake ndi tsiku lolowera m'mabuku sizisinthikanso. Anazipanga dala choncho. Kukanakhala kotheka kusintha nambala ya dzulo mwakachetechete, munthu wakuba matumba 20 akanangosintha 600 kukhala 580 ndipo palibe akanadziwa. M'mabuku a chuma cholakwa sichifufutidwa. Chimasiyidwa poonekera, kenako pamalembedwa china chochibweza, kenako cholondola.

Koma asanakhudze kompyuta, kalaliki ayambe wadziwa chomwe chachitika, chifukwa mavuto atatu osiyana amaoneka ofanana. Mwina katundu anabwera wochepa koma analembedwa wambiri. Mwina anabwera yense koma analembedwa wochepa. Mwinanso anabwera yense, analembedwa bwino, koma wina ndi wowonongeka ndipo akubwezedwa. Kuti adziwe, awerengenso katunduyo pamodzi ndi munthu wina, ayang'ane dilivale noti, kenako atsegule `MB51`, tsamba lomwe limaonetsa zikalata zonse za katundu ameneyo, zolowa ndi zotuluka. Sitepe imeneyi ndi yofunika, pakuti mwina matumba 20 anatulukadi madzulo kupita kwa kasitomala ndipo chikalata chotulutsira ndicho sichinalembedwe. Zikakhala choncho, kulandira kunali kolondola, ndipo kukubweza ndi kuwonjezera cholakwa chachiwiri pa choyamba.

Tinene kuti zatsimikizika: palibe thumba lomwe latuluka, ndipo wogulitsa wavomera kuti anapakira 580. Njira yoyera ndi kubweza chikalata chonse ndi kulemba chatsopano. Pa `MIGO` pomwepo amasankha chonchi:

```
A03 Cancellation
R02 Material Document   5000004321   2024
```

Kompyuta imabweretsa mizere ya chikalata chakalecho, ndipo m'malo mwa 101 imaika 102, nambala yobweza kulandira. Kalaliki amachonga `Item OK` pa mzere wolakwika wokhawo. Ngati lole inabweretsanso malata ndi misomali zomwe zinalembedwa bwino, mizere imeneyo asaikhudze. Pano kuchuluka sikusinthika, mzere umabwezedwa wonse, matumba 600 onse. M'bokosi la `HeaderText` alembe chifukwa mwachidule, poti malo ake ndi a zilembo 25 zokha, mwachitsanzo kuti afika 580 osati 600. Akadina `Post`, matumba 600 amachoka pa katundu, K18,000,000 imachoka m'mabuku ndi mu akaunti yodikirira ija, ndipo oda imatsegukanso ngati kuti palibe chinafika. Kenako, nthawi yomweyo osati mawa, amalandiranso ndi 101, ulendo uno matumba 580, ndi nambala ya dilivale noti yomwe ija. Ndikuti nthawi yomweyo chifukwa pakati pa masitepe awiriwa kompyuta ikuonetsa kuti matumbawo kulibe, ndipo kusitolo sangathe kugulitsa.

Ntchito siinathe mpaka atatsimikiza. Atsegule oda pa `ME23N` ndi kuyang'ana tsamba la `Purchase Order History`. Payenera kuoneka mizere itatu: 101 ya matumba 600, 102 yochotsa 600, ndi 101 ya 580. Zonse pamodzi ndi 580, za mtengo wa K17,400,000, ndipo matumba 20 atsala kudikiridwa. Pa `MMBE`, tsamba loonetsa katundu amene alipo, nambala iyenera kufanana ndi milu yomwe ili pansi. Atsopano ambiri amachita manyazi ndi mizere itatuyo, akumaona ngati ikuwayalutsa. Koma kwa wofufuza mabuku mizere itatu yokhala ndi chifukwa cholembedwa ndi chizindikiro cha ofesi yomwe imagwira zolakwa zake. Chomwe chimamudetsa nkhawa ndi nambala yosagwirizana ndi katundu popanda wofotokoza.

Za matumba 20 otsalawo, wogamula ndi ofesi yogula zinthu. Ngati wogulitsa adzawabweretsa, oda imasiyidwa yotsegula ndipo adzalandiridwa ndi 101 ina. Ngati sabwera, oda imatsekedwa ndipo wogulitsa amapemphedwa invoisi ya 580 kapena chikalata chochotsera ndalama za 20. Kalaliki asatseke oda mwa yekha.

Zonsezi zimayenda bwino cholakwa chikagwidwa msanga. Chikakhalitsa, zitseko zimayamba kutsekeka chimodzichimodzi. Tiyerekeze kuti papita sabata ziwiri ndipo matumba 450 agulitsidwa kale. Kompyuta ikuti atsala 150, pansi pali 130. Kalaliki akayesa kubweza chikalata chonse, kompyuta ikana ndi uthenga woyamba ndi mawu akuti `Deficit of`, kutanthauza kuti siingachotse matumba 600 pomwe ili ndi 150 okha. Apa amabweza gawo lolakwika lokha. Amasankha `A01 Goods Receipt` ndi `R01 Purchase Order` ngati akulandira, koma amasintha 101 kukhala 102, nalemba matumba 20. Kompyuta imachotsa 20, kutsala 130, ndipo mbiri ya oda imaonetsa 600 kuchotsa 20. Makampani ena amakonda njira imeneyi nthawi zonse poti ndi yachidule, ena amaisungira mabwana okha. Kalaliki atsate lamulo la pomwe akugwira ntchito.

Chitseko chachiwiri ndi invoisi. Ngati akauntanti ailowetsa kale, m'makampani ambiri kompyuta siilola kubweza kulandira komwe invoisiyo yatsamirapo. Akauntanti ndiye ayenera kuyamba, kubweza invoisi pa `MR8M` kapena kulowetsa chikalata chochotsera ndalama, kenako kalaliki atsatire. Ngati ndalama zalipiridwa kale, nkhani yachoka m'manja mwa kalaliki, yasanduka yokalondola ndalama kwa wogulitsa yemwe ali ndi dilivale noti yosayinidwa kuti zonse zinafika.

Chachitatu ndi mwezi. Kawirikawiri SAP imalola kulemba za katundu m'mwezi uno ndi mwezi wapitawo basi, ndipo makampani ena amatseka mwezi wapitawo akangomaliza malipoti. Uthenga wakuti `Posting only possible in periods` ukaoneka, ndiye kuti tsiku lomwe lalembedwa lagwera m'mwezi wotsekedwa. Kukonza kumalowa m'mwezi wotsegula, koma malipoti a mwezi wakalewo anatuluka kale ndi nambala yolakwika. Choncho kalaliki asasankhe yekha tsiku lobwezera ngati mwezi wasintha, afunse akauntanti.

Vuto lachiwiri lija, lolemba zochepa, ndi losavuta, ndipo nthawi zambiri limabwera chifukwa cha muyezo. Oda ya mafuta ophikira ikhoza kukhala ya mabotolo 600, koma mafutawo n'kubwera m'makatoni 50 a mabotolo 12. Kalaliki wawerenga makatoni, walemba 50, osaona kuti kabokosi ka pambali pa nambala kakuti `EA`, kutanthauza chimodzichimodzi, osati `CAR`, makatoni. Kompyuta yalandira mabotolo 50 ndipo siinadandaule, poti katundu amaloledwa kubwera pang'onopang'ono. Apa palibe chobweza. Amangolandiranso ndi 101 mabotolo 550 otsalawo pa dilivale noti yomweyo, nalemba chifukwa chake. Chizindikiro cha cholakwa chotere ndi shelefu yodzaza pomwe kompyuta ikuti katundu watsala pang'ono, kapena invoisi yolondola yomwe ikukanika kulipiridwa. Kalaliki azizolowera kuwerenga nambala ndi muyezo wake pamodzi, ngati mawu amodzi.

Vuto lachitatu si cholakwa cha kalaliki ayi. Matumba 600 anafikadi, koma patapita masiku kwapezeka kuti 20 ananyowa panjira ndipo auma ngati mwala. Amenewa akubwerera kwa wogulitsa pagalimoto. Pa izi pali `A02 Return Delivery`, yomwe nambala yake ndi 122, ndipo imafuna kuti chifukwa chobwezera chisankhidwe. Pa masamu 102 ndi 122 zimachotsa matumba mofanana, n'chifukwa chake ena amazisinthanitsa, koma zimanena nkhani zosiyana. 102 ikuti tinalakwitsa polemba, katunduyu sanalowe. 122 ikuti analowa, tamukana, watuluka. Mukagwiritsa ntchito 122 pokonza cholakwa chanu, mabuku adzaonetsa kuti wogulitsa anabweretsa katundu woipa pomwe sanatero, ndipo ofufuza adzafuna chiphaso cha pageti cha matumba omwe sanatulukepo.

Pali njira ina yomwe ndikufuna kuiletsa mwamphamvu, chifukwa imaoneka yanzeru. Munthu waona kuti kompyuta ili ndi matumba 20 opitirira, ndiye akuwachotsa ngati owonongeka ndi 551, kapena akudikira tsiku lowerenga katundu kuti achotsedwe ngati osowa ndi 702. Nambala ya pa kompyuta imafananadi ndi ya pansi. Koma oda ikunenabe kuti 600 analandiridwa, wogulitsa alipidwabe 600, ndipo K600,000 yalembedwa ngati kuluza kwa kampani. Kuli ngati kusesera zinyalala kunsi kwa mphasa. Cholakwa chomwe chinalowera pa oda chiyenera kutulukira pa oda pomwepo. Choipanso chimodzimodzi ndi kudikira lole yotsatira kuti mudzalembe matumba ochepa ndi 20. Pamenepo zikalata ziwiri zonse zanama, ndipo invoisi ziwiri zonse sizigwirizana ndi malole ake.

Kumene kulibe kompyuta mfundo zake ndi zomwezi. Buku la GRN limakhala ndi masamba a manambala otsatizana komanso makope a kaboni. Nambala ikalakwika makope asanagawidwe, imadulidwa ndi mzere umodzi woti iziwerengekabe, yolondola imalembedwa pambali, ndipo wokonzayo ndi bwana wake amasayina ndi kulemba tsiku. Utoto woyera wofufutira usafike pafupi ndi buku limeneli. Ngati tsamba lawonongeka kwambiri, limalembedwa mopingasa kuti lathetsedwa ndipo limatsala m'buku ndi makope ake onse, osang'ambidwa, chifukwa nambala yosowa m'buku ndi funso lomwe palibe angaliyankhe pakatha chaka. Ngati kope lapita kale kwa akauntanti, kukonza kope lanu lokha sikuthandiza, pamafunika chikalata chatsopano chotchula nambala ya chakalecho. Ndipo bini kadi, khadi lija limakhala pomwe pali katundu, likonzedwe ndi mzere watsopano tsiku lomwelo.

M'makampani ambiri kalaliki watsopano sapatsidwa mphamvu yobweza chikalata pa kompyuta. Wolandira ndi wina, wovomereza kubweza ndi wina. Lamuloli ndi labwino, ndipo watsopano asalitenge ngati kumunyoza. Komanso asabwereke dzina ndi mawu achinsinsi a mnzake kuti akonze mwakabisira, pakuti chikalata chilichonse chimasunga dzina la amene anachilemba, tsiku ndi ola. Koma lamuloli lili ndi mbali ina yomwe mabwana amaiiwala. Ngati njira yokha yokonzera ndi kudzera kwa bwana, ndipo bwanayo amakalipa pagulu aliyense akabwera ndi cholakwa, makalaliki amasiya kubwera. Amadikira, akuyembekeza kuti zikonzeka zokha, ndipo taona kale zomwe kudikira kumachita: katundu amagulitsidwa, invoisi imalowa, mwezi umatsekedwa. Cholakwa chomwe chikanatha ndi zikalata ziwiri m'mawa umodzi chimadzafuna akauntanti, ofesi yogula ndi makalata opita kwa wogulitsa.

Choncho kwa inu amene mumaphunzitsa makalaliki atsopano, pempho langa ndi ili. Musayambe ndi mabatani. Mutengeni watsopanoyo kukaima pa lole, awerenge yekha, alembe kuperewera pa dilivale noti dalaivala ali pomwepo, kuti azolowere kunena mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, ndapeza 580, tiyeni tiwerengenso limodzi." Kenako, pa kompyuta yophunzirira yomwe siikhudza mabuku enieni, muuzeni alandire 600 dala, abweze ndi 102, alandirenso 580, ndipo atsegule mbiri ya oda aone mizere itatuyo ndi maso ake. Muuzeninso momveka, sabata yoyamba yomweyo, dzina la munthu woti akamuuze akalakwitsa, ndi kuti akamuuze tsiku lomwelo asanaweruke.